Khoko, njere ndi mphini: kuwerenga zotsatira za magazi za hepataitisi B

Wophunzira unamwino kapena udokotala akatumizidwa kukaphunzira ntchito pa chipatala chaching'ono ngati cha pa Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa boma la Ntcheu, matenda a chiwindi a hepataitisi B amakumana nawo kawiri. Usiku amawapeza m'mafunso okonzekera mayeso: kankhani ka mizere itatu, zotsatira za magazi zinayi kapena zisanu, kenako funso loti munthuyu ali pati. Masana amawapeza pa benchi ya odwala, munthu maso ali chikasu, koma chotsatira chimene angachipeze n'chimodzi chokha, mwinanso osachipeza n'komwe. Mafunso otsatirawa ndi amene ophunzira otere amakonda kufunsa. Odwala a m'tinkhanimu ndi ongopeka, monga mmene amakhalira a pa mayeso.

Aphunzitsi, zilembozi zimangofanana: HBsAg, anti-HBs, anti-HBc. Palibe njira yozigwirira kuposa kungoloweza?

Ilipo, ndipo iyambireni pa mtedza. Kachilombo ka hepataitisi B kali ndi khoko kunja ndi njere mkati. Kachilembo kakang'ono s kakunena za khoko, c kakunena za njere. Dzina likathera ndi Ag, ndiye kuti tikufunafuna chidutswa cha kachilombo komweko. Likayamba ndi anti, tikufunafuna asilikali amene thupi lapanga litaona chidutswacho.

HBsAg ndi khoko lenilenilo. Kachilomboka kakakhazikika m'chiwindi kamapanga makoko ambirimbiri opanda kanthu mkati, ochuluka kutalitali kuposa tizilombo tathunthu, n'kumawatayira m'magazi. Mukaona makoko ali mbwee pabwalo, mumadziwa kuti pakhomopo akuswa mtedza ngakhale simunaone lichero. N'chifukwa chake khokoli ndi losavuta kulipeza, ndipo ndilo linayamba kudziwika: Baruch Blumberg analengeza za ilo mu 1965 atalipeza m'magazi a munthu wa mtundu wa Aaborijini a ku Australia, ndipo mu 1976 analandira mphoto ya Nobel.

Anti-HBs ndi asilikali olimbana ndi khoko. Awa ndiwo amatchinga kachilombo kuti kasalowe m'chiwindi, choncho ndiwo chitetezo. Anti-HBc ndi asilikali amene thupi limapanga likaona njere. Awa sateteza munthu ngakhale pang'ono. Ntchito yawo kwa ife ndi umboni basi, ngati mphini: munthu angachire, angakalambe, koma potemedwapo pamaonekabe. Njere yeniyeniyo, HBcAg, sitiiyeza m'magazi chifukwa imakhala yobisika m'khoko ndi m'chiwindi. Mukaiona pakati pa mayankho a funso lokhudza magazi, aiikapo kuti mukodwe.

Nanga zotsatira zikabwera zisanu pamodzi, ndiyambire pati?

Musayambire pamwamba kutsika m'munsi monga zalembedwera. Funsani mafunso atatu, ndipo ndondomeko yake isasinthe.

Loyamba lipite kwa HBsAg: kodi kachilombo kali m'thupi panopa? Ikapezeka, munthuyo ali nako, ndipo chotsala n'kudziwa ngati kangolowa kumene kapena kanakhazikika kale. Ikapanda kupezeka, pitani kwa anti-HBc ndi funso lachiwiri: kodi thupili linakumanapo ndi kachilombo kenikeni? Lachitatu lipite kwa anti-HBs: kodi pali chitetezo?

Ambiri amathamangira kwa anti-HBs chifukwa mawu oti chitetezo ndi okoma m'khutu, ndiye amaphonya chimene funsolo likufuna. Anthu awiri angakhale ndi anti-HBs onse, mbiri zawo zili zosiyana kotheratu, ndipo chowasiyanitsa ndi mphini ija.

Tipatseni chitsanzo cha anthu awiri amenewo.

Mtsikana wobadwa mu 2003 akuyamba sukulu ya unamwino ndipo wayezedwa magazi. HBsAg palibe, anti-HBc palibe, anti-HBs ilipo. Bambo ake, obadwa mu 1971, nawonso ayezedwa: HBsAg palibe, anti-HBc ilipo, anti-HBs ilipo. Onse awiri alibe kachilombo m'magazi ndipo onse ndi otetezedwa. Kusiyana kuli pati?

Katemera wa hepataitisi B ndi khoko lokhalokha, lopangidwa popanda njere. Thupi la mtsikanayu linangoonetsedwa khoko, ndiye linapanga asilikali a khoko okha. Bambowo thupi lawo linaona zonse, khoko ndi njere, kutanthauza kuti kachilombo kamoyo kanalowa, thupi linalimbana nako n'kupambana. Akhoza kulumbira kuti sanadwalepo chikasu, ndipo akhala akunena zoona, chifukwa ambiri matendawa amawadutsa mwakachetechete.

Chaka chobadwira chimathandiza kuno kwathu. Malawi anayamba kupereka katemera wa hepataitisi B kwa makanda mu 2002, mkati mwa katemera uja wa matenda asanu amene mwana amabayidwa pa ntchafu kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Amene anabadwa 2002 isanafike sanamulandire kusikelo, pokhapokha ngati anabayitsa atakula, monga amachitira ena ogwira ntchito m'chipatala. Kafukufuku amene anachitika ku Ndirande mumzinda wa Blantyre pakati pa 2016 ndi 2018 anapeza HBsAg mwa akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 aliwonse, koma mwa ana obadwa katemerayu atayamba anaipeza mwa 3 okha pa 1,000. Choncho wolemba mayeso wa ku Malawi akakupatsani zaka za wodwala, sanangokongoletsa nkhani.

Pa nambala, anti-HBs ya 10 mIU/mL kapena kuposerapo, yoyezedwa patatha mwezi umodzi kapena iwiri chibayireni katemera womaliza, ndiyo timati chitetezo chakwana.

Bwanji mtsikana yemweyo akapezeka kuti zonse zitatu palibe, pamene buku lake la kusikelo likuonetsa kuti anabayidwa katatu?

Funso likangopereka zotsatira zitatu zonse zopanda kanthu, osatchula za katemera, yankho lake ndi lakuti munthuyo sanakumanepo ndi kachilombo, alibe chitetezo, apatsidwe katemera. Koma buku la kusikelo likatchulidwa, nkhani yasintha pang'ono. Asilikali a katemera wa paukhanda amachepa m'magazi zaka zikamapita mpaka osaonekanso, komabe thupi nthawi zambiri silinaiwale. Njira yodziwira ndi kumubaya kamodzi n'kuyezanso pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Anti-HBs ikakwera kupitirira 10, thupi linkakumbukira. Ikapanda kukwera, amalize katemera yense.

Pali kamsampha kena kotembenuza nkhani yomweyi. Popeza katemera ndi khoko, munthu amene wangobayidwa kumene akhoza kupezeka ndi HBsAg kwa masiku angapo, mpaka masabata awiri ndi theka. Funso likati anabayidwa sabata yatha, alibwinobwino, ndipo anti-HBc palibe, musamupatse matenda amene alibe. Ayezedwenso pakatha mwezi.

Tsopano HBsAg yapezeka. Ndisiyanitsa bwanji matenda atsopano ndi amgonagona?

Poyamba ndidandaule ndi mawu oti amgonagona. Amatipatsa chithunzi cha munthu wogona pamphasa, pamene ambiri mwa amene ali ndi hepataitisi B yokhalitsa akulima, akupalasa kabaza, akugulitsa makala pamsewu, osamva kalikonse kwa zaka makumi. Ndimakonda kunena kuti matenda okhazikika.

Chosiyanitsa ndi nthawi, ndipo nthawi timaiwerenga m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kalendala: HBsAg ikapezekabe patadutsa miyezi 6, matenda akhazikika. Njira yachiwiri ndi mtundu wa anti-HBc. Asilikali oyamba kutuluka matenda akangolowa ndi a gulu la IgM, ndipo amatha pakapita miyezi pafupifupi 6. Amene amatsala moyo wonse ndi a gulu la IgG. Pepala likalemba kuti total anti-HBc, laphatikiza magulu onse awiri, ndiye silikuuzani za nthawi. Lokuuzani za nthawi ndi IgM anti-HBc.

Tiyese ndi kankhani aka. Kondakitala wa minibasi wa zaka 27 wabwera atatha sabata akumva nseru, chakudya sichikulowa, mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, maso ali chikasu. Miyezi itatu yapitayo anagonana ndi bwenzi latsopano osadziteteza. ALT, chizindikiro cha kuvulala kwa chiwindi, ili pa 1,400. HBsAg ilipo, IgM anti-HBc ilipo, anti-HBs palibe. Funso loyamba lija layankhidwa: kachilombo kalipo. IgM ikuti kalowa posachedwa. Nkhani yake ikuvomereza, pakuti HBsAg imayamba kuoneka patatha pafupifupi mwezi chilowereni kachilombo, ndipo zizindikiro zimabwera pakati pa miyezi iwiri ndi isanu, kawirikawiri itatu. Awa ndi matenda atsopano. Munthu wamkulu ngati uyu mwayi wake ngwaukulu: mwa akuluakulu 100 otenga kachilomboka, oposa 95 amakachotsa okha. Chofunika ndi kumusamalira, kumuletsa mowa ndi mankhwala osafunikira, kuyeza ndi kutemera mnzakeyo, kuyang'anira zizindikiro zoopsa monga kusokonezeka mutu, kugonagona ndi kutuluka magazi, kenako kuyezanso HBsAg pakatha miyezi 6.

Wachiwiri ndi mphunzitsi wa zaka 34 amene anapereka magazi pamene a bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lili ndi nthambi ku Balaka, anabwera pasukulu pake. Wauzidwa kuti magazi ake apezeka ndi HBsAg. Sakumva kuwawa paliponse. Atayezedwa mokwanira, total anti-HBc ilipo, IgM anti-HBc palibe, anti-HBs palibe, ALT ili pa 28. Kachilombo kalipo, mphini ilipo, koma asilikali a posachedwa palibe. Awa ndi matenda okhazikika, ndipo mwachidziwikire anawatenga ali mwana wamng'ono. Pano mpofunika kufatsa pomufotokozera, chifukwa maganizo a banja amathamangira ku chiwerewere. Khanda likatenga kachilomboka pobadwa, pafupifupi 9 mwa 10 kamakhazikika. Mwana wa pakati pa chaka chimodzi ndi zisanu, ndi pafupifupi mmodzi mwa atatu. Wamkulu, sizifika 5 pa 100. Ndiye munthu wamkulu wopezeka ndi matenda okhazikika kuno, nthawi zambiri anawatenga kwa mayi ake kapena kwa ana anzake, kudzera m'zilonda, m'malezala obwerekana ndi zina zotero, asanadziwe n'komwe kuti chibwenzi n'chiyani.

Ndiye IgM anti-HBc ikapezeka, nkhani yatha, ndi matenda atsopano?

Pa mayeso, kawirikawiri inde. M'chipinda choonera odwala, ayi, ndipo apa ndi pamene mabuku olembedwa kumaiko kumene matendawa ndi osowa amatisocheretsa.

Matenda okhazikika nthawi zina amabuka. Chitetezo cha m'thupi chimadzuka n'kuyamba kumenya chiwindi chimene chili ndi kachilombo, ALT imakwera, chikasu chimabwera, ndipo IgM anti-HBc ikhoza kuonekanso, ngakhale kuti nthawi zambiri imakhala yochepa mphamvu poyerekeza ndi ya matenda atsopano. Kudera kumene akuluakulu ambiri anatenga kachilomboka paubwana, munthu wa chikasu wopezeka ndi HBsAg akhoza kukhala wa gulu limeneli.

Wolemba mafunso wochenjera amasiya zizindikiro m'nkhani. Mayi ake a wodwalayo kapena mchimwene wake anamwalira ndi khansa ya chiwindi. Anakanizidwapo kupereka magazi zaka zitatu zapitazo. Mimba ili ndi madzi, kapamba watupa, mapulateleti ndi ochepa, zimene zikusonyeza chiwindi chimene chakhala chikuwonongeka kwa nthawi yaitali. Kapena, chimene chimachitikadi kuno, anasiya kumwa ma ARV miyezi iwiri yapitayo. Mankhwala a 13A amene ambiri akumwa m'Malawi ali ndi tenofovira, lamivudini ndi dolutegiravira, ndipo awiri oyambawo amapondereza hepataitisi B. Munthu amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri akasiya mankhwala, ka m'chiwindi kamadzuka mwaukali, ndipo ena amafa nako. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, IgM isakunamizeni.

Palinso mbali ina. Munthu wa matenda okhazikika amadwalanso matenda ena monga wina aliyense. Chikasu chake chikhoza kuchokera ku malungo, ku hepataitisi A kapena E, ku mankhwala a TB, ku kachasu, kapena ku mankhwala azitsamba amene sanakuuzeni. Funso likati HBsAg ilipo, IgM anti-HBc palibe, koma IgM anti-HAV ilipo, yankho ndi hepataitisi A yatsopano mwa munthu amene ali kale ndi B wokhazikika. HBsAg ija inalipo chikasu chisanabwere ndipo idzakhalapo chikatha.

Funso limene limandizunguza ndi lija la anti-HBc yokha: HBsAg palibe, anti-HBs palibe. Munthuyu ali pati?

Limazunguza aliyense, chifukwa magaziwo paokha sangayankhe. Mphini ilipo, koma kachilombo sikakuoneka ndipo chitetezo sichikuoneka. Matanthauzo ake alipo anayi, ndipo wosankha pakati pawo ndi kankhani kaja.

Limene olemba mayeso amalikonda ndi la mpata. Munthu akamachira matenda atsopano, makoko amatha m'magazi, koma asilikali a khoko amachedwa kuchuluka mpaka kuoneka. Pakati pamenepa pamakhala mpata wa masabata angapo, nthawi zina miyezi, pamene zonse ziwiri sizipezeka. Tibwerere kwa kondakitala uja. Tiyerekeze kuti sanabwere chikasu chili pachimake, anayamba wapita kwa asing'anga, ndipo wafika patatha miyezi iwiri maso atayamba kuyera. HBsAg palibe, anti-HBs palibe, koma IgM anti-HBc ilipo. Ameneyu ali mumpata, akuchira. Mukamuyezanso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, anti-HBs mudzaipeza.

Koma pa odwala enieni, mpata si umene umachuluka. Limene limachuluka kuno ndi lachiwiri: munthu anatenga kachilombo kalekale, anachira, ndipo anti-HBs yake yazilala ndi zaka, kwangotsala mphini. Agogo a zaka 68 opanda dandaulo lililonse la chiwindi, IgM palibe, ALT ili bwino, ndi a gulu ili. Lachitatu ndi lakuti chipangizo chanama, chasonyeza anti-HBc imene kulibe. Izi muziziganizira kwambiri funso likanena za munthu wochokera kudziko kumene matendawa ndi osowa, amene alibe chiopsezo chilichonse. Lachinayi ndi matenda obisika: kachilombo kalipo pang'ono kwambiri, makoko sakuoneka, koma kuyeza HBV DNA kumakapeza. Ili limaoneka kawirikawiri mwa anthu amene ali ndi HIV.

Chifukwa chodandaulira ndi mphini ya munthu wooneka wochira n'chakuti kachilomboka sikachokeratu m'chiwindi. Kamasiya mbewu yake m'maselo, ili duu. Munthu wotere akapatsidwa mankhwala amphamvu ofooketsa chitetezo, monga ena a khansa, mbewuyo imamera. Choncho funso likati mayi wa anti-HBc yokha akufuna kuyamba mankhwala a khansa ya m'magazi, yankho si kumutsimikizira kuti zonse zili bwino. Ayezedwe HBV DNA ndipo madokotala ake aganizire zomuteteza mankhwalawo asanayambe.

HBeAg simunaitchule. Imalowa pati?

Ndaisiya dala, chifukwa siyankha funso la atsopano, okhazikika kapena otetezedwa. Imapezeka m'matenda atsopano ndi okhazikika omwe. Ili ngati phokoso la chigayo: mukalimva mumadziwa kuti chikugaya. HBeAg ikapezeka, kachilombo kakuswana kwambiri ndipo munthuyo akhoza kupatsira ena mosavuta. Ikatha n'kubwera anti-HBe, nthawi zambiri kuswanako kwachepa.

Pamene imagwira ntchito kwambiri ndi kusikelo ya amayi oyembekezera. Mayi wa zaka 24, mimba ya miyezi isanu, HBsAg ilipo, IgM anti-HBc palibe, HBeAg ilipo. Matenda ake ngokhazikika, ndipo chiopsezo kwa mwana n'chachikulu: popanda kuchitapo kanthu, makanda 7 mpaka 9 mwa 10 obadwa kwa amayi a HBeAg amatenga kachilomboka. Bungwe la WHO limalangiza kuti mayi wotere, kapena amene HBV DNA yake yafika 200,000 IU/mL, amwe tenofovira ali woyembekezera, ndipo mwana abayidwe katemera pasanathe maola 24 chibadwireni, asadikire wa masabata 6.

Msampha wake uli kumbali inayo. Chigayo chikakhala chete sindiye kuti chazima. Pali tizilombo tina timene tinasintha n'kuleka kupanga HBeAg koma tikuswanabe. Funso likati bambo wa zaka 45, HBsAg ilipo, HBeAg palibe, anti-HBe ilipo, ALT ili pa 95, HBV DNA ili pa 60,000 IU/mL, musalembe kuti matenda agona. Chiwindi chikuvulala ndipo akufunika mankhwala. Mtundu wa kachilombo umene uli wofala m'Malawi, wotchedwa A1, umadziwika kuti umataya HBeAg anthu akadali achinyamata, ndiye kusapezeka kwake mwa munthu wamkulu kuno sikutonthoza kwenikweni.

Mwana wa mayi uja tingamuyeze liti?

Osati asanakwane miyezi 9. Pakati pa miyezi 9 ndi 12, katemera atamaliza, muyezeni HBsAg ndi anti-HBs. Anti-HBc musavutike nayo: ya mayi imadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba ndipo ikhoza kukhala m'magazi ake mpaka zaka ziwiri. Funso likakupatsani khanda la miyezi 10 lokhala ndi anti-HBc ndi anti-HBs, lopanda HBsAg, mphiniyo ndi ya mayi ake, yobwereka. Mwanayo watetezedwa.

Zonsezi n'zabwino papepala. Koma pa chipatala chaching'ono, chikakhalapo chipangizo ndi chija choyezera HBsAg yokha pobaya chala. Ndichite nacho chiyani chotsatira chimodzi?

Apa ndi pamene muyenera kusiya khalidwe limodzi la pa mayeso. Pa mayeso mwaphunzira kuti popanda IgM kapena miyezi 6 simunganene kuti matenda ngokhazikika. Ophunzira ena amatenga lamuloli n'kumuuza wodwala kuti apite, adzabwere pakatha miyezi 6, ndipo ambiri sabweranso. Munthu wamkulu wopanda chikasu, wopanda zizindikiro za matenda atsopano, akapezeka ndi HBsAg kuno kwathu, muyambe kumutenga ngati wa matenda okhazikika tsiku lomwelo. Kuyezanso pakatha miyezi 6 kukhale kotsimikizira chabe.

Titenge bambo wa zaka 41, mlimi, wabwera chifukwa cha kutopa ndi kulemera kumanja pansi pa nthiti. Maso ngoyera. HBsAg ilipo. Choyamba muyezeni HIV, chifukwa akapezeka nako njira yake ndi ya ma ARV okhala ndi tenofovira, ndipo kumupatsa tenofovira yekha munthu amene ali ndi HIV yosadziwika kungachititse kuti HIV iyambe kupirira mankhwala. Tinene kuti alibe. Mufunseni za mowa, za abale amene anamwalira ndi mimba yotupa, za kusanza magazi. Mugwireni pamimba, muone kapamba ndi madzi. Kenako mutumizeni, kapena tumizani magazi ake, ku chipatala chachikulu cha boma kuti akayeze zinthu ziwiri zimene sizifuna makina odula: AST ndi mapulateleti. Ziwirizi zimatipatsa nambala yotchedwa APRI, yoyerekeza kuchuluka kwa zipsera m'chiwindi.

```
APRI = (AST / ULN) / PLT x 100
```

ULN ndi malire apamwamba a AST ya munthu wabwinobwino, amene malabu ambiri amaika pa 40. PLT ndi mapulateleti monga amalembedwera papepala la zotsatira, mwachitsanzo 120 kutanthauza 120,000 pa maikulolita imodzi. Bambo athuwa AST yawo yatuluka 68, mapulateleti 120. Gawani 68 ndi 40, mupeza 1.7. Gawani 1.7 ndi 120 n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza 1.4.

Malangizo a WHO a 2015 ankati munthu ayambe mankhwala APRI ikaposa 2, ndiye potengera nambala yokhayi bambowa akanabwezedwa kunyumba. Zinadzaoneka kuti malire amenewo ankaphonya anthu ambiri a ku Africa amene chiwindi chawo chinali chitawonongeka kale. Malangizo a 2024 anatsitsa malirewo: APRI yoposa 0.5 ndi chifukwa chokwanira choyambira mankhwala, ndipo yoposa 1 imatiganiziritsa kuti chiwindi chauma kale ndi zipsera. Pa 1.4, bambowa ayenera kuyamba tenofovira ngakhale HBV DNA sinayezedwe, ayenera kuunikidwa pamimba ndi makina kuona ngati mulibe chotupa, ndipo auzidwe momveka kuti mankhwalawa sasiyidwa mwachisawawa.

Nambalayi ili ndi pofooka pake, ndipo pofookapo mpa kwathu kuno. Malungo amatsitsa mapulateleti, ndiye APRI yowerengedwa munthu akutentha thupi imakwera monama. Dikirani achire, muyezenso. Likodzo la m'matumbo limatupitsa kapamba n'kutsitsanso mapulateleti, choncho mufunse ngati anakhalapo kunyanja kapena kumadambo a mpunga. Kachasu amakweza AST. Ndipo mwa munthu wa chikasu ndi ALT ya m'masauzande, ngati kondakitala uja, APRI musaiwerenge n'komwe, chifukwa ikuyeza moto wa lero osati zipsera za zaka.

Bambowa asanatuluke, afunseni za kunyumba. Akazi awo ayezedwe HBsAg, ndipo ikapanda kupezeka apatsidwe katemera. Abale awo a bere limodzi ayezedwe, pakuti ngati anatenga kwa mayi awo, enawo anadutsa njira yomweyo. Ana obadwa 2002 itadutsa mwina anatemeredwa, koma onani buku lawo la kusikelo ndi maso anu, ndipo ngati mayi awo apezeka ndi HBsAg, anawo ayezedwe ngakhale bukulo litadzaza.